Kuedita msonkhano wa makamera atatu: yambani ndi mawu, zithunzi zitsatira

Mwezi wathawu tinajambula msonkhano wa tsiku lonse mu holo ina ya mbali za ku Belvedere kuno ku Harare, olankhula ena amalankhula Chingerezi, ena Chishona, ndipo panali bambo wina amene amamasulira m'Chichewa chifukwa agogo athu ambiri ochokera ku Mbare, Highfield ndi Mufakose anabwera. Mphwanga amene ndikumuphunzitsa ntchitoyi atawona mafayilo onse ali mbwee mu foda anandifunsa kuti achimwene, zonsezi tizilumikiza bwanji, tiyamba ndi kamera iti? Ndinamuwuza kuti sitiyamba ndi kamera iliyonse, tiyamba ndi mawu. Ndiye ndati ndilembe pano momwe tinachitira, chifukwa ndikudziwa kuti ena mwa inu mumajambula misonkhano ya mpingo kapena ya mabungwe ndipo mumagona mochedwa mukukoka makilipu ndi manja.

Ine ndimagwiritsa ntchito DaVinci Resolve, yaulere ija, ndiye mayina a mabatani amene nditchule ndi a mmenemo. Amene muli pa Premiere Pro musadandaule, nzeru yake ndi yomweyo, kumeneko chinthuchi chimatchedwa Create Multi-Camera Source Sequence.

Tinali ndi makamera atatu. Yoyamba inali kumbuyo kwenikweni kwa holo, yosasuntha, ikutenga nsanja yonse. Yachiwiri inali pafupi, ikutenga wolankhula kuyambira m'chifuwa kupita m'mwamba. Yachitatu anainyamula mphwangayo, akuyenda nayo kutenga anthu ndi ofunsa mafunso. Kupatula apo tinali ndi karekoda kakang'ono ka mabatire kolumikiza ku mikisa ya holo, kotenga mawu ochokera m'mamaikolofoni mwachindunji. Karekoda kameneka ndiye msana wa ntchito yonse. Mawu amene anthu adzamve mu vidiyo yomaliza ndi a mmenemo, koma kamera iliyonse iyeneranso kutenga mawu akeake ngakhale akhale oipa, a phokoso, chifukwa kompyuta imayang'ana mafunde a mawu, timizere tija tokwera n'kutsika timene mumationa pansi pa kilipu, n'kufufuza pamene mafunde a kamera akufanana ndi a rekoda. Kamera imene maiki yake inali yozima ilibe choyerekezera, imeneyo muilumikiza ndi manja basi.

Musanatsegule n'komwe pulogalamu, koperani makadi onse, kamera iliyonse foda yake, rekoda foda yake, ndipo koperani kawiri pa madiraivi awiri. Kenako onani liwiro la mafulemu la kamera iliyonse. Kuno magetsi athu ndi a 50 Hz ndiye timajambula pa mafulemu 25 pa sekondi kuti nyali za m'holo zisamaphethire mu chithunzi, ndipo mu Project Settings ikani Timeline frame rate pa 25 musanalowetse fayilo ngakhale imodzi, chifukwa mukayamba ntchito malo amenewo amatsekeka. Vuto limabwera wina akakupatsani vidiyo ya pa foni kuti muiphatikize. Mafoni ambiri sajambula pa liwiro limodzi, amasintha mafulemu kutengera kuwala kapena kutentha, ndiye kilipu yotere imatha kugwirizana bwinobwino koyambirira koma pofika pakati yathawa. Isintheni kaye mu HandBrake posankha Constant Framerate, kapena ngati muli ndi ffmpeg:

```
ffmpeg -i foni.mp4 -vf fps=25 -c:v libx264 -crf 18 -c:a aac -ar 48000 foni_25.mp4
```

Chachiwiri, musayese kulumikiza tsiku lonse kamodzi. Ife tinagawa: gawo la m'mawa mpaka tiyi, gawo la tiyi mpaka nkhomaliro, gawo la masana. Gawo lililonse bini yake mu Media Pool. Laputopu imapuma bwino, kulumikiza kumatha msanga, ndipo china chikasokonekera mumadziwa kuti chili mu gawo liti.

Pali kanthu kena kamene anthu ambiri amalumpha ndiye amadzadabwa kuona makona khumi ndi awiri pa sikirini pamene makamera anali atatu okha. Kamera ya mphwanga ndi ya mtundu uja wojambulira zithunzi umene umaima wokha ikangotsala pang'ono kukwana mphindi 30, komanso iye amaimitsa n'kuyambanso akamasuntha, ndiye gawo la m'mawa lokha anatuluka ndi makilipu naini. Makamera ena amadulanso fayilo ikafika 4 GB. Pulogalamu siidziwa kuti zonsezo ndi za kamera imodzi, imatenga kilipu iliyonse ngati kamera yapayokha. Ndiye sankhani makilipu onse a kamera imodzi, tsegulani Metadata, pamene palembedwa Camera # lembani nambala yake, 1 kapena 2 kapena 3, rekoda ipatseni 4. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri koma imakupulumutsani kwambiri.

Tsopano sankhani zonse za gawo limenelo pamodzi ndi fayilo ya rekoda, dinani batani lakumanja la mausi, sankhani Create New Multicam Clip Using Selected Clips. Pa kabokosi kamene katuluke, Frame Rate ikhale 25, Angle Sync ikani Sound, chongani Detect clips from same camera n'kuiwuza kuti izindikire ndi Metadata Camera #. Dinani Create, siyani iwerenge. Gawo la ola limodzi ndi theka limatenga kanthawi ndithu pa laputopu wamba, musaganize kuti yafa.

Ikamaliza musayambe kudula. Apa ndi pamene ndimafuna mukhale pansi kaye, chifukwa kompyuta ikati yalumikiza sizitanthauza kuti milomo ndi mawu zikuyendera limodzi. Dinani kumanja pa kilipu yatsopanoyo, sankhani Open in Timeline, muona kamera iliyonse ili pa mzere wake, makilipu a mphwanga ali motalikirana ndi mipata pakati, zimenezo ndi zabwino, mipatayo ndi nthawi imene sanali kujambula. Kuzani mafunde a mawu mpaka muziona nsonga zake. Fufuzani phokoso lakuthwa, ife ndimapempha mphwanga kuti akwere pa nsanja gawo lisanayambe, makamera onse akujambula, awombe m'manja kamodzi pafupi ndi maiki. Kuwomba kumeneko kumaoneka ngati kamnga kamodzi koima njo pa mizere yonse, ndipo timinga tonse tiyenera kukhala pa malo amodzi.

Koma timinga kukhala pamodzi ndi theka chabe la nkhani, ndipo ichi ndi chimene ndinamuwonetsa mphwanga mpaka anakhulupirira ndi maso ake. Kuwala kumafika pa kamera nthawi yomweyo, mawu amayenda pang'onopang'ono, pafupifupi mamita 343 pa sekondi. Fulemu imodzi pa 25 ndi mamilisekondi 40, ndipo mu kanthawi kameneko mawu amayenda pafupifupi mamita 14 okha. Kamera yathu yakumbuyo inali mamita ngati 28 kuchokera pa masipika a kutsogolo, ndiye maiki yake imamva chilichonse mochedwa ndi mafulemu awiri, pamene rekoda ya ku mikisa imamva pompopompo kudzera mu waya. Kompyuta siidziwa za mtunda. Iyo yangofananiza mafunde, yakokera kilipu yonse ya kamera yakumbuyo kumanzere ndi mafulemu awiri kuti mawu agwirizane, mapeto ake chithunzi chatsogola, milomo ikutseguka mawu asanatuluke. Tinayenda fulemu imodziimodzi ndi mabatani a mivi pa kuwomba kuja, pa kamera yapafupi manja anakumana pomwe pali kamnga, pa kamera yakumbuyo manja anali atakumana kale mafulemu awiri kamnga kasanafike. Mphwanga anangoti haa, achimwene, ndiye kompyuta inanama? Sinaname, inachita zimene tinaituma.

Kukonza kwake n'kosavuta. Dinani kilipu ya kamera yakumbuyo, dinani batani la mpumiro pa kiyibodi kawiri, limasunthira kilipu kumanja fulemu imodzi nthawi iliyonse, la chizindikiro cha koma limasunthira kumanzere. Basi. Ngati munaiwala kuwomba m'manja gwiritsani ntchito milomo ya wolankhula, fufuzani mawu amene ali ndi p, b kapena m, monga bambo, pamodzi, mbewu, chifukwa potchula zilembo zimenezi milomo imatsekeka kaye, ndiye fulemu imene milomo ikutseguka ndi imene funde liyenera kuphulika. Pa kamera yakumbuyo milomo imaoneka yaing'ono kwambiri, bola kufufuza pamene wina wagogoda maiki kapena waika botolo la madzi pa tebulo.

Mukatsimikiza koyambirira, dumphani mpaka kumapeto kwa gawo muyesenso chimodzimodzi. Kamera iliyonse ndi rekoda zili ndi wotchi yakeyake mkati, ndipo mawotchi amenewa sayenda mofanana ndendende, ndiye pa mphindi zisanu simuona kanthu koma pa ola ndi theka kusiyana kumawunjikana. Kwa ife kamera yachiwiri inali bwino koyambirira, kumapeto inali itasiyana ndi rekoda ndi mafulemu atatu. Tinaidula kawiri ndi lumo, batani la B, pa malo amene wolankhula anali chete akumwa madzi, n'kusuntha chidutswa chilichonse kuti chibwerere pa mzere, kampata kamene katsala pamenepo simukaona chifukwa pa sekondi imeneyo mudzakhala pa kamera ina. Chofunika n'chakuti mudule chithunzi cha kamera, rekoda musaikhudze. Koma mukaona kuti kusiyanako ndi kwa masekondi angapo osati mafulemu, limenelo si vuto la wotchi, bwererani mukaone liwiro la mafulemu kapena ngati si fayilo ya pa foni ija.

Nthawi zina kilipu imakana kulumikizika kapena imakagwera malo olakwika, ndipo pafupifupi nthawi zonse chifukwa chake chimamveka mukavala mahedifoni. Makilipu awiri a mphwanga anatero. Ina anajambula ataima pafupi ndi sipika, mawu anaphulika mpaka mafunde ake anangokhala ngati njerwa, opanda nsonga, kompyuta inasowa pogwira. Inayo inali ya kwaya, amayi akuyimba kolasi imodzi yomweyo kubwereza kanayi, ndiye inakaikidwa pa kubwereza kwachiwiri pamene inali ya kwachinayi, mafunde amafanana ndithu koma manja a wotsogolera kwaya sanagwirizane ndi zimene kamera yakumbuyo imaonetsa. Tizidutswa tifupitifupi ta anthu akuwomba m'manja timavutanso chimodzimodzi, kuwomba kwa anthu ambiri kumamveka mofanana paliponse. Zoterezi ikokereni nokha ndi mausi pa mzere wake, yang'anani nthawi imene fayilo inajambulidwa kuti mudziwe dera lake, kenako malizani ndi koma ndi mpumiro.

Mukakhutira, tulukani mmenemo, pangani taimulaini yatsopano, ikanimo kilipu yanu ya makamera onse. Pansi pa sikirini yakumanzere pali kamndandanda kosankhira, sankhani Multicam, muona makamera onse akusewera limodzi m'timabokosi. Laputopu ikayamba kujejema apa, ndipo ijejema ndithu ngati ndi 4K, imani, sankhani makilipu oyambirira aja mupange Generate Proxy Media, ndiko kupanga makope opepuka a makilipuwo, muisiye usiku ikugwira. Simungadule bwino chithunzi chikudumphadumpha, chala chanu chizidina mochedwa nthawi zonse.

Pansi pa timabokosi tija pali tizizindikiro titatu, kusintha chithunzi ndi mawu limodzi, kusintha chithunzi chokha, kusintha mawu okha. Yambani ndi ka mawu okha, gwirani Alt n'kudina bokosi la rekoda, mawu a gawo lonse akhala a ku mikisa. Kenako sankhani ka chithunzi chokha ndipo musakachokenso. Mukaiwala ichi, nthawi iliyonse mukasintha kamera mawu nawo azisintha, pano omveka bwino, pano a mkokomo wa kumbuyo kwa holo, pano a munthu akutsokomola pafupi ndi mphwanga, ndipo woonera amatopa nazo msanga kuposa chithunzi choipa.

Kenako seweretsani, zala pa 1, 2, 3. Mukadina nambala imadula pomwepo n'kupita ku kamera imeneyo. Mukalakwitsa musaime, pitirizani, mudzakonza ulendo wachiwiri. Ndipo mvetserani, musamangoyang'ana. Ine ndimadula pamene munthu wamaliza ganizo kapena wapuma mpweya, osati pakati pa liwu. Kamera yapafupi ndiye kwathu, ndi kumene timakhala nthawi yambiri chifukwa anthu akufuna kuona nkhope ya wolankhula. Yakumbuyo ndimapitako poyamba gawo kuti woonera adziwe malo, wolankhula akamayenda, kapena kamera yachiwiri ikamasaka fokasi, ndi pothawira. Musamadule chifukwa choti papita nthawi musanadule. Panali mayi wina amafotokoza momwe makolo ake anayendera kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu kuno, mawu ake akunjenjemera, mphwanga amafuna tipite kwa anthu, ndinamuletsa, tinakhala pa nkhope yawo pafupifupi mphindi yathunthu osasuntha chifukwa palibe chimene kamera ina ikanawonjezera pamenepo.

Za womasulira, zinativuta kusankha. Mukamathamangira kwa aliyense amene watsegula pakamwa, vidiyo imakhala ngati mpira wa pa tebulo, uku, uko, uku, uko, masekondi asanu alionse. Tinagwirizana kuti ziganizo zikakhala zifupizifupi tikhale pa kamera yakumbuyo imene ikuonetsa onse awiri, wolankhula akatalikitsa tipite pafupi, ndipo nthawi ya womasulira ndi imene imakhala yabwino kuonetsa agogo akugwedeza mitu, chifukwa ndi pamene uthenga ukuwafikira. Koma pa kamera ya anthu samalani kwambiri. Musaonetse munthu akuwodzera, akudya kapena ali pa foni, ndi kholo la wina ameneyo ndipo vidiyo idzayenda m'magulu a WhatsApp mpaka kumudzi. Komanso musatenge kuseka kwa nthawi ina n'kukuika pa mawu ena, mungamunamizire munthu kuti anaseka nkhani ya maliro. Ubwino wolumikiza ndi mawu ndi womwewu, chimene mukuona m'bokosi lachitatu ndi chimene chinachitikadi pa sekondi imeneyo.

Ulendo wachiwiri ndi wokonza. Pamene munasankha kamera yolakwika ikani mzere wosewerera pa chidutswacho, dinani Alt pamodzi ndi nambala ya kamera yoyenera, chimasintha chonse osadulanso. Pamene munadina mochedwa, dinani T, gwirani pa mdulidwe penipeni n'kukokera kumanzere kapena kumanja, mdulidwe umasuntha koma kulumikizana kwa mawu sikusokonekera. Nthawi zambiri mupeza kuti midulidwe yanu yonse yachedwa ndi theka la sekondi, ndi mmene chala chimachitira. Kuchotsa zosafunika, monga nthawi imene amasintha batire ya maiki, chitani pano, dulani chithunzi ndi mawu pamodzi, ndipo onetsetsani kuti mbali ziwiri za mdulidwewo zili pa makamera osiyana kuti munthu asaoneke ngati wadumpha. Masilaidi musadalire kamera, pa sikirini ya pulojekita amaoneka otuwa ndipo zilembo siziwerengeka, pemphani fayilo yake kwa okonza msonkhano, isandutseni zithunzi, muziike pa mzere wa pamwamba pa nthawi imene kamera yakumbuyo ikuonetsa kuti silaidi yasintha.

Masana magetsi anathima, wolankhula ali pakati pa nkhani. Mikisa inazima, rekoda yathu inapitiriza kujambula chifukwa ndi ya mabatire koma imajambula zii, mzere wowongoka wopanda funde, mpaka jenereta inadzuka patapita mphindi ngati zinayi. Chimene chinatithandiza n'chakuti palibe amene anaimitsa rekoda kapena makamera awiri aja, ndiye fayilo inakhala imodzi ndipo kulumikizana kwa mbali zonse ziwiri za mdimawo sikunasokonekere. Bamboyo sanasiye, anangokweza mawu n'kupitiriza, ndipo maiki ya kamera yachiwiri, imene inali mamita ochepa kuchokera pa iwo, inawatenga momveka chifukwa holo yonse inali chete. Apo pokha ndi pamene tinabwerera ku kachizindikiro ka mawu okha, tinadula mawu poyambira mdima ndi pothera, chidutswa chapakati tinachipatsa mawu a kamera yachiwiri, tinakweza voliyumu yake kuti ifanane ndi inayo n'kuika kusungunula kwafupi pa midulidwe iwiriyo kuti isagogode m'makutu. Kusiyana kumamveka ndithu, koma woonera akuona yekha nyali zikuzima ndiye sadabwa. Mphwanga anafunsa ngati tingochotsa gawo limenelo, ndinati ayi, mfundo imene okonza msonkhano anatipempha kuti isasowe inanenedwa mu mphindi zinayi zomwezo.

Musanatumize, seweretsani koyambirira, pakati ndi kumapeto kwa gawo lililonse muli ndi mahedifoni a waya, a Bluetooth amachedwetsa mawu ndipo angakupangitseni kusuntha kilipu imene inali bwino kale. Kenako tulutsani kachidutswa ka mphindi imodzi kamene kali ndi makamera onse atatu, kaikeni pa foni, muonere pamenepo milomo ya wolankhula, chifukwa anthu ambiri a ku Mbare ndi ku Highfield aja adzaonera pa foni.